Kalata Imene Ndinapita Nayo ku Mandimba

Nkhondo itatha ndinapeza ntchito ku Cuamba, pakampani yoodetsa sopo ndi mchere. Mnzanga amene ankasamalira kasitomala wathu wamkulu, mayi wina wa loja, kapena kuti sitolo, ku Mandimba, atasiya ntchito, abwana anandipatsa malo ake. Abwanawo anakana zoti mnzangayo andiperekeze kukandionetsa kwa mayiwo n'kutsazika, ati kalata ikwanira.

Nditafika nayo kalatayo, mayiwo anaiwerenga ataimirira. Sanafunse za mitengo. Anangoti, "Bambo, munthuyu ali moyo?"

Ndinati ali bwino, anangosamukira ku Nampula.

"Amuna anga atasowa, anthu anandiuzanso zomwezo," anatero, n'kundibwezera kalatayo.

Ndinakhala ndikupitako miyezi itatu, tsiku lomwe mnzanga ankapita. Ankandipatsa mpando ndi madzi akumwa, koma sanaodenso ngakhale thumba limodzi la mchere.