Tsiku limene a Chitseko ananditulutsa m'bwalo

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene a Yotamu, amene anthu a mpira ankawatcha a Chitseko, ananditulutsa m'bwalo masewero ali mkati. Amwalira sabata yathayi, ndipo aliyense akuwatamanda ndi mawu amodzimodzi: ati munthu uja sankatuluka m'bwalo ngakhale atavulala. N'zoona ndithu. Koma ine mawu amenewo akundibaya mumtima.

Kwa inu amene simunawaone akusewera, a Yotamu anachokera kumudzi cha ku Mitundu ali mnyamata, n'kulembedwa ntchito yonyamula matumba pa holoselo ina ku Old Town. Masiku amenewo matimu ambiri anali a makampani. M'mawa umagwira ntchito, masana abwana n'kukumasula kuti ukachite zokonzekera. Iwo ankavala jezi nambala faifi, pakati penipeni kumbuyo. Liwiro analibe, tisanamizane. Luso lawo linali kuwerenga masewero: mpira usanachoke kuphazi la mdani, iwo anali ataima kale pomwe ukupita. Ikakhala kona, mutu woyamba kukhudza mpira unali wawo. Woyimbira sankamutukwana, ndipo akagwetsa munthu ankamudzutsa okha n'kumusasa fumbi.

Mpira wawo unathera pa semifainolo ya chikho. Bondo linapotoka m'chigawo choyamba. Popumulira anawabaya jekeseni wothetsa ululu, kuwakulunga bandeji, n'kuwabwezera m'bwalo. Anthu onse anaimba dzina lawo, bambo anga ali momwemo. Timu inapambana, ochemerera anawanyamula pamapewa, ndipo a Yotamu sanasewerenso mpira wa ligi. Kampani itasiya kuthandiza timuyo, ntchito yonyamula matumba ndi bondo lotere sikanatheka.

Ine ndinawadziwa ali mlonda panyumba yoyandikana nafe ku Area 9. Akaweruka m'mawa ankagonako pang'ono, masana n'kumaphunzitsa anafe mpira pabwalo lafumbi cha ku Area 2, osalandira kanthu. Bambo anga, amene ankagwira ntchito ya mu ofesi ku City Centre, ndiwo anatigulira majezi ndi mipira, choncho upampando wa komiti ya makolo unagwera iwo. Kunyumba nyimbo yawo inali imodzi: "Mwamuna ndi Chitseko, anasewera ndi mwendo umodzi!" Ndinaimva mpaka kuiloweza.

A Yotamu anandiika pamalo awo omwe aja, nambala faifi. Ankatimangirira chingwe m'chiuno otchinga kumbuyo anayife kuti tiphunzire kutsogola limodzi n'kumusiya mdani pa ofusaidi. Wotsalira ankakokedwa n'kugwa chafufumimba, ena n'kumaseka. "Mada, usathamangire kudziponya pansi," ankandiuza choncho. "Ukagwa iwe, kumbuyo kwatseguka. Yang'ana mpira, mavinidwe a miyendo yake asiye."

Chaka chimenecho tinafika mu fainolo ya chikho cha ana a m'madera. Tinkatsogola ndi chigoli chimodzi. M'chigawo chachiwiri ndikutembenuka, phazi linakodwa m'kadzenje thupi lili kupita kwina, ndipo ndinamva kuwawa koopsa mkati mwa bondo. Ndinagwa, koma ndinadzuka msanga, poti anthu anali atayamba kale kukuwa kuti, "Chitseko wamng'ono! Chitseko wamng'ono!" Abale inu, kukoma kwake kwa mawu amenewo! Ndikanasewera ngakhale chokwawa.

A Yotamu anakodola woyimbira kuti aimitse masewero. Anabwera akutsimphina, nandigoneka chagada. Anapinda bondo pang'ono, kudina mkati mwake ndi chala chachikulu, kenako n'kukankhira msongolo kunja. Ndinakuwa.

"Taima ndi mwendo umenewu wokha, udumphe."

Ndinayesa. Bondo linagwedera ngati mwendo wa mpando wothyoka.

"Tuluka," anatero.

Bambo anali atalowa kale m'bwalo, thukuta lili kamukamu. "A Yotamu, mwanayu akutha kuyenda. Mangani bandeji basi, mphindi zatsala pang'ono. Inuyo simunasewere nalo kodi?"

"Ndinasewera nalo, bwana," anayankha mosakweza mawu. "N'chifukwa chake uyu akutuluka."

Pabenchi panali Yohane yekha, kamnyamata kafupi kuposa tonse, ndipo ndiye analowa m'malo mwanga. Adani athu sanachedwe kuona. Anayamba kuponya mipira yam'mwamba pomwe panali iye, ndipo iwiri inalowa. Chikho chinapita tikuona.

Ndinalira mokwiya, osafuna n'kuwayang'ana komwe. Anthu akubalalika, a Yotamu anakhala pambali panga n'kupinda buluku. Bondo lawo linali lotupa, lokhotera mkati, likununkha mankhwala othowa. "Jekeseni uja sanachize kanthu," anatero. "Anangolitseka pakamwa bondoli kuti lisandiuze kuti likung'ambika. Oimba aja anapita kwawo kukagona, ine ndinapita nalo ndekha." Ndinatembenukira kumbali. Mumtima ndinkati nkhalambayi yandilanda chikho changa.

Mawa lake kuchipatala anati mtsempha wa mkati mwa bondo wang'ambika pang'ono, ndipo ndikanapitiriza ukanatheratu. Bambo anali pomwepo, anamva ndi makutu awo. Komabe Loweruka lotsatira komiti inakumana pabalaza pathu, ine ndili kuchipinda mwendo uli pa pilo, ndipo anagwirizana kuti a Yotamu akalamba, mtima wampikisano unawathera, komiti ipeze mphunzitsi wina. Bambo sanatchule za kuchipatala. Anali atachita manyazi kuti mlonda wawayankha pagulu, ndipo manyaziwo anawalipira ndi a Yotamu. Ine ndinangoti ziwaonekere.

A Yotamu sanadandaule kwa munthu. Madzulo alionse ankafikabe pageti la aneba athu, chibonga kumanja, n'kuwavulira bambo chipewa akamadutsa pagalimoto. Akandiona ankangofunsa, "Bondo likuti bwanji, Mada?" Linapola bwinobwino. Ndinasewera mpira mpaka ku koleji, ndipo lero Loweruka lililonse ndimathamangabe ndi madoda anzanga. Koma kwa a Yotamu, ana aja ndiwo anali mpira wokhawo umene unawatsalira, ndipo anautaya chifukwa cha mwendo wanga. Tinasamuka ku Area 9, zaka n'kumapita, ine n'kumangoti ndidzawayendera.

Ndinakafika kwawo tsiku loika maliro. Anzawo akale a mpira analankhula bwino za mitu ija ya pa kona, za ulemu wawo, ndi za semifainolo ija, anthu n'kumavomereza. Palibe anatchula za ana a ku Area 2. Tsopano ndikuona kuti tsiku limene timawatamandira ndi limene tinawapha mwendo, ife okonda mpira, ndi nyimbo zathu. Kulimba mtima kwawo kwenikweni ndinakuona pabwalo lafumbi lija, pamene anakaniza bwana wogula majezi zimene iwo sanathe kudzikanizira.

Mwambo utatha ndinapita kukapepesa kwa mayi a kunyumba kwawo, amene anakhala pamphasa pakhonde. Ndinanjuta patsogolo pawo n'kunena dzina langa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako maso awo anatsikira pa mawondo anga.

"Ndinu Mada uja? Ankakutchulani. Iwotu zaka zonsezi sanathe kukhala mmene mwakhaliramo, ngakhale kugwada kutchalitchi." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndiye likupinda bwinobwino eti?"

"Likupinda, mayi."

"Basi, akanasangalala."

Ndinakhalabe chinjutire, kudzuka kukundichititsa manyazi.