Mawu a Nsapato Yakale

Mlembi wa nkhani za makatuni, mayi amene kale ankalemba makalata a mu ofesi, anakhala kuseri kwa galasi la situdiyo mtima uli m'mwamba. Pa maikolofoni panali bambo wa mawu amphamvu, womutcha Chibingu, amene ankayankhula m'malo mwa Nsapato Yakale, katuni yokonda kudandaula.

Kachisanu ndi chiwiri, mpweya unamuthera bamboyo asanamalize mzere wake: "Ndikufuna kukudziwitsani kuti chifukwa cha kuchuluka kwa maulendo amene ndayenda, sindingathenso..."

Wotsogolera ntchito anavula mahedifoni. "Mayi, ojambula akudikira mawuwa kuti ayambe kuyendetsa milomo ya makatuni, ndipo sekondi iliyonse ndi zithunzi khumi ndi ziwiri." Anapinda pepala kubisa mayina, n'kuloza mzere wina. "Apa akuyankhula ndani, Nsapato kapena mnzake Ambulera?"

Mlembi anawerenga kawiri. Mzerewo anaulemba yekha, koma sanathe kusiyanitsa. Onse awiri ankayankhula ngati iyeyo ali pa desiki yake yakale.

Chibingu, poganiza kuti maikolofoni yazimitsidwa, anadzuma: "Aaa, ndatha ine. Ndisiyeni."

Mlembi anakhwatcha mzere wonse wa Nsapato uja, n'kulemba mawu anayi omwewo, n'kugunditsa pepalalo pagalasi.

Chibingu atawerenga, nkhope inagwa. "Pepani mayi, sindimanena inu."

"Musapepese, achimwene, nenaninso momwemo. Chiyambire m'mawa, aka n'koyamba kumva Nsapato ikuyankhula."