Pula Yomwe Inawoloka Malire

Mayi Estela anabadwira tsidya la malire, kufupi ndi Mandimba, koma za kumeneko sakumbuka kanthu. Anafika pa Chiponde ali kamwana, nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, ndipo nkhondo itatha banja lawo silinabwerere. Bambo awo anali atamwalira, mayi awo anali atapeza kale munda wa chimanga ndi nandolo, ndipo mchimwene wawo wamkulu, a Paulo, anali atayamba kuphunzira kukonza njinga. A Paulo ndiwo anawalera ngati bambo, ndiwonso anawagulira makope mpaka pomwe sukulu inathera, mu Sitandade 7.

Mayi Estela anakwatiwa ndi a Jose, makaniko wa njinga zamoto, amene anamwalira ndi chifuwa mwana wawo Leticia akadali kupulayimale. A Jose anasiya bokosi lachitsulo lodzaza zida: masipanala, mapulaya, hamala, pampu ndi zina zomwe mayiwo sankadziwa ngakhale mayina ake. Maliro atangotha, amakaniko anzawo anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzabwereka. Aliyense ankati abweza madzulo. Pomwe mvula yoyamba inkagwa, bokosi linali litapepuka moti mwana ankatha kulinyamula ndi dzanja limodzi.

Amene anaona kuti zinthu sizikuyenda anali Che Bakali, makaniko wachikulire kuposa onse pamalopo. Anaitanitsa anzawo nanena kuti m'malo momalizitsa zida za mayi wamasiye, aliyense abweze zomwe anatenga, awonjezere zake zomwe sagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, kuti pakhale nkhokwe imodzi ya gulu. Anachita lendi kachipinda kuseri kwa msika. Kiyi anapatsa Mayi Estela, poti zida zambiri zinali za malemu amuna awo, komanso poti iwo sanali makaniko ndipo sakanalimbirana sipanala ndi munthu.

Kachitidwe kake Mayi Estela anakonza okha pang'onopang'ono. Chida chilichonse anachilemba nambala ndi penti yofiira. Pakhoma anakhoma thabwa lokhala ndi misomali, najambula chithunzi cha chida chilichonse pamalo pake, kuti chikachoka mpata uzioneka munthu atangoima pakhomo. Kenako panali buku, kope lalikulu lachikuto cholimba lomwe analijambula mizere ndi lula: tsiku, dzina la wobwereka, chida ndi nambala yake, mmene chilili potuluka, ndi malo osainira. Kumapeto kunali malo a tsiku lobweza ndi mmene chabwerera, ndipo pamenepo ankasaina iwo atachiyang'ana kaye. Wosadziwa kulemba ankadinda chala. Lachisanu, amakaniko ambiri akapita ku mzikiti, iwo ankakhala ndi buku ndi thabwa, kuonetsetsa kuti msomali uliwonse wopanda kanthu uli ndi mzere wake wosatseka m'buku.

Malamulo anali awiri okha oti munthu awasunge pamtima. Chida chili pamutu pa amene anasaina mpaka chibwerere m'manja mwa Mayi Estela. Ndipo amene mzere wake wapitirira tsiku lobweza satenganso kanthu mpaka autseke.

Zinayenda motero zaka zingapo. Akabaza anachuluka, njinga zamoto zonyamula anthu ndi katundu pakati pa Chiponde ndi Mandimba zinkawonongeka tsiku lililonse, ndipo gulu linagula zida zatsopano. Chimodzi mwa izo chinali pula, kachitsulo ka mazinga komwe amazulira maginito a injini popanda kuphwanya kanthu. Pula yokwana njinga zambiri za akabaza inali imodzi yokha m'gulu monse, ndipo inkakhala pamsomali mwa apo ndi apo.

Nyengo ina yogula nandolo, a Paulo anaitenga m'mawa, nasaina monga mwa masiku onse. Madzulo sanabweze. Mawa lake Mayi Estela anadutsa pashedi pawo.

"Achimwene, pula ija anthu akuifunsa."

"Ili ndi Fanwell," anatero a Paulo osadzutsa mutu pa tcheni chomwe ankamanga. "Anandipeza ndangomaliza, ndiye ndinamupatsa. Abweretsa."

Fanwell anali membala, koma mzere wake unali wosatseka chifukwa cha sipanala ina yomwe anachedwa nayo, ndipo ankadziwa kuti akapita kukachipinda abwezedwa. N'chifukwa chake anadzera kwa a Paulo. Pofika masana zinamveka kuti wawoloka malire ndi wamalonda wina wa nandolo amene anamulemba ganyu yoyang'anira njinga zake kumidzi ya kupitirira Mandimba. Foni yake sinkapezeka.

Sabata imeneyo njinga zitatu zinaima pamashedi zikudikira pula. Makaniko wina, atatopa ndi kulalata kwa mwini njinga, anayesa kugogoda maginito ndi hamala, napinda shafuti ya injini. Anthu anayamba kubwera kukachipinda kudzafunsa kuti pula ili ndi ndani, ndipo Mayi Estela ankangotembenuza buku kuti adziwerengere okha.

A Paulo anabwera tsiku lina kudzatenga masipanala a bokosi. Anali ndi injini yomasula theka pashedi.

"Sindingakupatseni, achimwene. Mzere wanu sunatsekedwe."

"Ukudziwa kuti pula siili ndi ine. Msika wonse ukudziwa. Fufuta dzina langa ulembe la Fanwell."

"Fanwell sanasaine."

"Ndiye ukulemba bodza, poti buku likuti ili ndi ine."

"Buku silikuti ili ndi inu. Likuti inatuluka ndi inu ndipo sinabwerere."

A Paulo anawayang'ana. "Estela, kulemba kumeneko unakuphunzira ndi makope a ndani?"

Mayiwo anachita manyazi ngati mwana wodzudzulidwa pagulu. Akanatha kutulutsa masipanala aja mwakachetechete osalemba, ndipo kwa kanthawi anaganizadi zotero. Koma pabenchi panja panali amakaniko awiri, ndipo mmodzi wa iwo anali atabwezedwapo pakhomo lomwelo mwezi wapitawo chifukwa cha pampu. A Paulo anatuluka chimanjamanja.

Nkhaniyo inafika kumudzi kwa mayi awo okalamba, omwe anaitanitsa Mayi Estela nawafunsa ngati kope ndi limene lidzawaike m'manda. Alamu awo, akazi a Paulo, anasiya kuwapatsa moni kuchigayo. Mayi Estela anapita kwa Che Bakali kukapereka kiyi.

"Amayi a Leticia, kiyiyo mukuti ndipatse ndani?" anafunsa Che Bakali. "Aliyense pano ali ndi mchimwene wake. Ngati lamulo lili lolakwika, tikambirane tonse pamsonkhano. Koma musalisinthe nokha, ndipo musalithawe."

Pamsonkhano ena anaikira kumbuyo a Paulo, ponena kuti kupatsana zida panjira aliyense amachita, kungoti ena zimabwerera msanga nkhani isanamveke. Ena anati chifukwa chake ndi chomwecho lamulo liyenera kuluma. Anagwirizana kuti mzere ukhale pa a Paulo. Anawonjezeranso kuti kuyambira pamenepo, wofuna kupatsira mnzake chida abwere naye kukachipinda, woyamba atseke mzere wake, wachiwiri atsegule wake.

A Paulo anakhala masiku ambiri akugwira ntchito ndi tizida tawo tochepa, ndipo makasitomala ena anasamukira kwa anzawo. Potsiriza anabwereka njinga nawoloka okha kukasaka Fanwell. Anamupeza pamsika wina wa kumudzi, pakati pa matumba a nandolo. Pula inalipo, koma Fanwell anali ataikakamiza pa injini ya mtundu wina ndipo mazinga anali atadyeka.

A Paulo anaibweretsa madzulo, fumbi lili mpaka m'nsidze, naiika patebulo. Mayi Estela anaitenga, naizunguza m'manja, nayendetsa chala pa mazinga. Analemba tsiku, ndipo pamalo a mmene chabwerera analemba kuti mazinga atha, siigwiranso ntchito. Anasaina.

"Mzere watsekedwa, achimwene. Mukhoza kutenga masipanala aja. Za kuwonongekaku ndikapereka ku gulu."

"Ukapereke," anatero a Paulo. Masipanala sanatenge.

Gulu linagamula kuti a Paulo ndi Fanwell agule pula ina mothandizana. Fanwell anachedwa kubwerera, ndipo atabwera anangolowa ukabaza, osabwereranso m'gulu. A Paulo anaigula okha ku Mangochi boma, naitumiza kudzera kwa Che Bakali. Kenako anapempha kuti zida zomwe anasonkha poyamba aziwerenge azitenge. Mayi Estela anatsegula tsamba loyamba la buku lakale, pomwe panalembedwa zomwe aliyense anabweretsa, nazichotsa pamisomali chimodzichimodzi. A Paulo anasainira chilichonse, napita nazo mu thumba la feteleza. Miyezi ingapo pambuyo pake anasamutsira shedi yawo ku Namwera, komwe akuti ntchito ikuwayendera.

Mayi Estela akadali kuseri kwa msika. Mapula tsopano alipo awiri, ndipo mabuku odzaza amawasunga m'katoni pansi pa tebulo chifukwa cha chiswe. Maso ayamba kuvuta, moti Leticia, amene tsopano amasoka zovala pakhonde la sitolo ina, amabwera kudzawajambulira mizere buku latsopano likagulidwa. Amakaniko atsopano amawaona ngati munthu wouma mtima, ndipo iwo sadzitchinjiriza.

Ndi a Paulo amakumana kumudzi, pa zikondwerero ndi pa maliro. Mayi awo atadwala chaka chatha, awiriwo ankasinthana kuchipatala, ndipo tsiku lina a Paulo anatenga Mayi Estela pa njinga yawo kubwerera nawo ku Chiponde. M'njira anakamba za mtengo wa petulo, za denga la nyumba ya mayi awo lomwe likudontha, ndi za mnyamata amene akufunsira Leticia. Atafika pamsika a Paulo anaimitsa njinga patali pang'ono ndi kachipinda, injini ikulirabe. Anati Loweruka abwera ndi malata awiri, ndipo mchemwali wawoyo apezeretu misomali.