Jekete la Mayi Ogula Katundu

A Telala anali ndi vuto limodzi: maso awo ankayeza munthu asanapereke ndi moni womwe. Ukangolowa m'shopu mwawo, iwo adziwa kale mapewa ako, ndipo batani lolendewera aliona. "Vulani kaye tikonze," ankatero, ngakhale kwa munthu wongofunsa njira. Akazi awo ankawanena kuti tsiku lina adzasokerera ndi chovala cha wakuba.

Kwa zaka khumi ndi zisanu ankasoka mayunifolomu a anthu okolopa ndi ochapa pachipatala china chachikulu. Ntchito imeneyi ndiyo inkayendetsa makina awo anayi ndi kudyetsa mabanja a osoka atatu. Zaka zitatu zilizonse chipatala chinkaitanitsa onse ofuna ntchitoyo kuti apikisane, ndipo a Telala ankaponya envelopu yawo yomata m'bokosi ngati wina aliyense.

Chaka chimenecho, maenvelopu atatsekulidwa, kunabwera anthu awiri kudzaona ngati shopu ingakwanitsedi ntchitoyo. Mmodzi anali mayi wa ku ofesi yogula katundu, wosayankhulayankhula. Anawerenga makina, nakoka msoko wa malaya kuti aone kulimba kwake. A Telala sankamva n'komwe mafunso. Ankangoyang'ana jekete la mayiyo, loperepeseka m'zigongono, dzanja lina lalitali kuposa linzake. Zinawapweteka mtima.

Masiku atatu anasokera mayiyo jekete labuluu ndi nsalu yomwe ankasungira jekete lawo lovala paukwati wa mwana wawo wamkazi. Akazi awo anawachenjeza kuti, "Bambo, dikirani zotsatira zituluke kaye."

"Kodi ndikugula munthu ine? N'chovala chabe," anayankha a Telala. Anafunsira kumene mayiyo ankakhala, nakalisiya kwa mlonda wa pageti. Kuofesi anakupewa dala, poti kuli maso ambiri ndipo sankafuna kumuchititsa manyazi. Apa ndi pomwe anadzipalira moto.

Patapita masiku awiri mayi uja anatulukira ndi mnzake wa kuntchito ngati mboni, phukusi lili m'manja.

"Bambo, ndabweza. Sindinaliyese n'komwe."

"Lakuipirani mtundu, mayi?"

"N'lokongola. Koma envelopu yanu ili patebulo pathu, sitinagamule. Mphatso yodula chonchi, ya ine ndekha, yobwera kunyumba, lamulo likuti ndinene kwa akuluakulu. Ndanena, yalembedwa m'buku la mphatso, ndipo ine andichotsa pagulu logamula."

"Inetu sindinapemphe kanthu."

"Ndikukhulupirira, bambo. Koma anzanu amene anaponya nawo maenvelopu sangaone mumtima mwanu. Akanangoona jekete pathupi panga." Mayiyo anayang'ana pansi. "Mukafuna kuthokoza, dikirani nyengo yopanda mpikisano. Kanthu kakang'ono, ka ofesi yonse, kosiya poyera pakauntala. Ngakhale kalata chabe, timaikhoma pakhoma."

"Nanga ndikanapambana?" anafunsa a Telala.

"Zimenezo sindingakuuzeni."

Kalata ya chipatala inafika sabata yotsatira. Envelopu yawo inachotsedwa pampikisano chifukwa chopereka mphatso kwa wogamula. Lamulo limenelo linalimo ndithu m'mapepala omwe ankasayina zaka zonsezo, koma iwo ankangowerenga tsamba la miyeso ndi mtundu wa nsalu. Chomwe chinawawawa kwambiri sichinali ntchito. Linali dzina. Munthu amene sanabepo ngakhale kansalu kotsala ka kasitomala, tsopano ankalozedwa ndi milomo kuti ndi uja wa ziphuphu.

Osoka atatu aja anachoka mmodzimmodzi. Makina atatu anagulitsidwa, ndipo pansi panatsala zipsera za miyendo yake. A Telala anasamukira pakhonde ndi makina amodzi, kumaika zigamba ndi kusintha mazipi. Maso awo anapitiriza kuyeza anthu odutsa, koma pakamwa panatseka. Mwana wawo anakwatiwa bambo ake atavala jekete lakale.

Chaka chikutha, pomwe panalibe mpikisano uliwonse, anapinda timipango ta m'thumba makumi awiri kuchokera ku nsalu zotsala. Anatiika m'katoni yosamata, nakatula pakauntala ya ofesi ija anthu onse akuona.

"N'ta aliyense wa muno, ndi okolopa omwe," anatero kwa mlembi. "Lembani m'buku lanu lija. Mulembe bwino dzina langa."

Mayi uja anatuluka m'chipinda chake, natenga kamodzi ngati anzake onse. "Zikomo kwambiri, bambo," anatero, misozi ikulengeza. Anali atavala jekete lake lakale lomwe lija, ndipo chigongono chinali chitabooka tsopano.

Dzanja la a Telala linapita lokha pa singano yomwe ankabaya pakolala. Anayang'ana bowolo, nayang'ana buku lomwe mlembi ankalembamo. Kenaka anabweza dzanja m'thumba, natsanzika.