A Manijala Alengeza Kuti Akufuna Ntchito

Mlamu wanga, amuna awo a achemwali, timawatchula kuti a Manijala, ngakhale sanayang'anirepo ndi mphaka yemwe. Ntchito yawo inali yosunga katundu pakampani ina yogulitsa zomangira: kutsegula loko, kulandira simenti, kupukuta fumbi pazitini za penti. Koma tayi sankaisiya, ngakhale tsiku lotsitsa malata.

Kontirakiti yawo inali ya chaka chimodzichimodzi, ndipo inkatha mwezi umenewo. Wina akadangofatsa, abwana n'kusainanso ngati kale. Iwo ayi. Anafuna kuopseza abwanawo kuti awakweze.

"Bwana amadziwa mtengo wako akaona ena akukusirira," anatero pakhonde, akutokosa foni.

Analemba pa intaneti kuti akufuna ntchito yoyang'anira nyumba yosungira katundu, osati yonyamula. Kenako maluso: kuyendetsa fokolifiti, kulondoloza katundu pakompyuta, kutsogolera antchito, kuitanitsa katundu kunja. Fokolifitiyo, galimoto yokwezera katundu wolemera ija, ankaidziwadi, chifukwa inawapondapo chala.

"Bambo a kunyumba, nanga abwana akaona?" anafunsa achemwali, mantha ali poyera. Banja lonse limadya kontirakiti imeneyo.

"Ndikufuna aone kumene. Mwana wosalira amafera m'mbereko."

Achibale tinachita mbali yathu. Azakhali analemba kuti "Ameni". Msuweni anafunsa ngati ntchitoyo ikapezeka angamutengeko. Wolemba ntchito sanaoneke ndi mmodzi yemwe.

Abwana anaonadi. Anagawira uthengawo anzawo onse, n'kuwonjezera mawu okoma: "Wathu uyu akutisiya kumapeto kwa mwezi. Tikumufunira zabwino zonse kumene akupita." A Manijala anathamangira ku ofesi kukalongosola kuti kunali kungoyesa madzi. Abwana anawagwira chanza mwaulemu, nati sangatsekereze munthu wamaluso chotere pantchito yopukuta zitini.

Mwezi utatha, kampani inalengeza malo awo aja. Zoyenereza anazikopera mu uthenga wa a Manijala, liwu ndi liwu, malipiro omwe aja. Ine ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, koma nditaona nkhope ya achemwali chisoni chinandigwira.

Mlamu anameza manyazi n'kufunsira ntchito yawo yomwe. Tsiku loyesedwa, kalaliki yemwe ankadya naye nkhomaliro anawapatsa kiyi wa fokolifiti, n'kuwalozera mulu wa matailosi. Anakwera bwinobwino, anakhala mwaulemerero, anakonza galasi. Kenako anayamba kufunafuna poika kiyi, onyamula katundu onse ataima n'kumaonerera.

Anafika kunyumba masana, achemwali akuchapa kuseri.

"Zayenda bwanji?"

"Ati ndilibe zondiyenereza. Anthu amenewa akufuna zinthu zosatheka, mayi a ana. Munthu mmodzi angadziwe zonsezo?"

Achemwali anafinya malaya pang'onopang'ono, osawayang'ana n'komwe.

"Mukamupeza amene analemba zimenezo, mumuuze kuti ana ake akufunsa za chakudya."