Sikisi pa Twente

Chimene chinkanditopetsa pa uphunzitsi sikunali kuima kutsogolo kwa kalasi ayi, kunali kuchonga. Ndinkaphunzitsa mbiri yakale pa sekondale ina ya m'mphepete mwa nyanja ku Salima, nthawi ija ya chipani chimodzi. Masana ana akaweruka ndinkatsala ndekha mu ofesi ya aphunzitsi, malata akuthetheka ndi dzuwa, fungo la usipa woyanika likulowera pa zenera, mulu wa zimangirizo uli patsogolo panga. Thukuta linkadontha papepala mpaka inki kumayenda. Ndinali ndi mkazi, ana awiri ndi nyumba ya sukulu yodontha mbali imodzi, ndipo zonsezi zinkadalira ntchito imeneyi.

Pochonga tinali ndi ndondomeko yake, imene tinkangoti sikimu. Chimangirizo chilichonse chinali ndi malikisi twente. Eyiti anali a ganizo: kodi mwana wayankha funso, ndipo yankho lakelo walimanga ndi kuliteteza mpaka kumapeto? Eyiti ena anali a umboni: kodi zimene watchula ndi zoona, nanga zikuchirikiza ganizo lija, kapena wangozithira ngati mchenga? Folo otsala anali a kasanjidwe, kutanthauza chiyambi, ndime zotsatana bwino, ndi mathero. Sikimuyi ndinaimata pakhoma la Fomu Folo, ndipo zaka ziwiri ndinaiimba mpaka mawu kusasa. Ana ankandiseka kumbali kuti ndine Bambo Umboni. Ndinkadziwa, ndipo sindinkadandaula.

Pa mayeso oyeserera a Fomu Folo imeneyo ndinafunsa kuti: n'chifukwa chiyani malonda a akapolo anachedwa kutha m'mbali mwa nyanja yathu?

Mapepala ambiri anali a pakatikati, ongosimba nkhani. Koma panali lina la mtsikana wa ku Maganga, mwana wa banja lachisilamu logulitsa nsomba, amene ankabwera pa njinga ya mchimwene wake. Iye m'chiyambi momwe ananena poyera kuti malondawo anachedwa kutha chifukwa mafumu ena mphamvu zawo zinali pa mfuti ndi nsalu zochokera kugombe, ndiye kusiya malondawo kunali kudzivula ufumu. Anatchula minyanga imene inkafuna oisenza, zombo zoolotsa anthu panyanja, ndi amishoni amene ankadzudzula koma analibe asilikali. Anaikamo ndi zimene agogo ake aamuna anamva kwa makolo awo, n'kuonjeza yekha kuti umboni wapakamwa umafuna kuuyerekeza ndi wa m'mabuku. Ndinaomba patebulo ndekhandekha, ndithu! Ndinamupatsa seveni pa ganizo, sikisi pa umboni chifukwa chaka china anachiphonya, ndi thuu pa kasanjidwe chifukwa nthawi inamuthera, mathero panalibe. Fifitini pa twente, ndipo ndinali woumira malikisi ine.

Kenaka ndinafika pa pepala la mnyamata wina wamtali, waulemu wake, wolemba mokongola kuposa ine. Ndime imodzi yokha ndiyo inakamba za akapolo: kuti ankawamanga m'magoli ndi kuwayendetsa mpaka kugombe. Zoona ndithu, koma funso linali lakuti chifukwa chiyani, osati motani. Ndime zina zonse zinali zotamanda Mtsogoleri wa dziko. Anatimasula ku ukapolo wa chitaganya, anatipatsa msewu wa tala, anatipatsa njanji ya ku Lilongwe, akhale ndi moyo wautali. Kachenjeredwe kameneka ana ankakaphunzira ku pulayimale: ukasowa yankho, bisala kumbuyo kwa dzina limene mphunzitsi sangalidule.

Ndinatsata sikimu. Ganizo, wani. Umboni, thuu, wa magoli aja. Kasanjidwe, firii, poti chiyambi, ndime ndi mathero zinalipo, ngakhale zinali za nkhani ina. Sikisi pa twente. Ndipo monga ndinkachitira pa pepala lililonse losochera, ndinajambula mzere wofiira m'mphepete, kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kulemba kuti izi sizikuyankha funso. Dzanja linachita lokha, linali pepala la kumapeto kwa mulu ndipo msana unali ukuwawa.

Sabata yotsatira ahedi ananditumizira mwana kuti ndifike ku ofesi kwawo. Ndinapeza pampando wa alendo pakhala amalume ake a mnyamata uja, amene ankamulipirira fizi. Anali mwini makoka awiri kudooko, komanso tcheyamani wa chipani m'dera lathu, yemwe ankaima pakhomo la msika kufunsa makadi a chipanicho. Pepala lija linali pa bondo pawo. Anandipatsa moni wabwinobwino, kufunsa za akunyumba ndi ana.

“Aphunzitsi,” anatero atcheyamani, “ine sukulu sindinapite nayo patali. Mundithandize. Mzere wofiirawu umatanthauza chiyani?”

“Umatanthauza kuti mwana wachoka pa funso, bambo.”

“Ndiye mawu amene mwawadulawa ndi olakwa?”

“Sindinawadule, bambo, mzerewo uli m'mphepete. Ndipo sindinanene kuti ndi olakwa.”

“Ndi oona?”

“Ndi oona.”

“Nanga choona chimalephera bwanji mayeso?”

Ndinatenga sikimu, imene ndinkayenda nayo m'thumba la malaya, n'kuyamba kufotokoza. Ndinati mutatuma mwana kudooko kuti akagule chambo, iye n'kubwera ndi thumba la mpunga wabwino kwambiri, mpungawo sunalakwe, koma chambo sanabweretse. Ndinkaganiza kuti ndalankhula mwanzeru. Atcheyamani anangomwetulira, n'kuloza ndi chala pa mzere wachiwiri wa sikimu, umene ahedi anali atawawerengera ndisanalowe.

“Apa akuti umboni. Njanji ija ikupita ku Lilongwe, inu simunaione? Ndi umboni kapena si umboni? Ndikufuna ndimve pakamwa panu, kuti ndikafika ku boma ndikafotokoze zoona.”

Mawu akuti ku boma anagwera m'chipindamo ngati mwala m'chitsime. Tonse tinkadziwa aphunzitsi amene anatengedwa pa zifukwa zochepa kuposa pamenepa, mabanja awo n'kuchotsedwa m'nyumba za sukulu tsiku lomwelo. Ndinkafuna kukuwa kuti njanji ndi umboni wakuti kuli sitima, basi, osati wa chifukwa chimene malonda a akapolo anachedwera kutha. Koma fisi akagwa m'mbuna salankhula. Ndinangoyang'ana pansi, pa nsapato zanga zong'ambika.

Ahedi, bambo wachikulire amene anali atatsala pang'ono kupuma ntchito, anakhosomola. Anati sikimu imalola kuti pepala lokayikitsa lichongedwenso ndi munthu wachiwiri, zomwe zinali zoona. Anapempha bolopeni yanga yofiira, ine n'kuwapatsa. Anawerenga pepalalo mokweza, pang'onopang'ono, ngati akulawa ndiwo. Anati mwanayu akunena kuti ukapolo unatha kwenikweni pamene tinalandira ufulu, ndipo limenelo ndi ganizo lozama: sikisi. Msewu ndi njanji aliyense akuziona: umboni, sikisi. Kasanjidwe, palibe chodandaula: folo. Mawu onse anali a m'sikimu momwemo, koma anawavala chammbuyo. Sikisitini pa twente.

Anaitanitsa mnyamata uja kuti akopere chimangirizo chake pa pepala loyera. Anakopera ali chiweramire, makutu akumuyaka, ndipo ndinaona kuti iyeyo sanafune kuti zifike pamenepa. Anangoonetsa pepala kunyumba atalifunsidwa. Pepala la mzere wofiira linapita ku khitchini ya sukulu kukasonkhezera nyemba. Atcheyamani anandigwira chanza ndi manja awiri, ndipo madzulo ake kunyumba kwanga kunafika mnyamata wawo wa kudooko ndi chambo chachikulu. Mkazi wanga anachiphika, ana anadya. Inenso ndinadya, ndinganame bwanji.

Alendo atapita ahedi anandiuza motsitsa mawu kuti, “Achimwene, mwatsala pa ntchito. Musandiyang'ane choncho.” Mpaka lero sindidziwa ngati ndiyenera kuwathokoza kapena kuwatukwana, ndipo mwina anayenera zonse ziwiri.

Lolemba pa mzere wam'mawa chimangirizo cha sikisitini chinawerengedwa pamaso pa sukulu yonse ngati chitsanzo chabwino cha Fomu Folo. Ana anaomba m'manja. Ine ndinaombanso, poti maso anali pa ine.

Mayeso a boma anali atayandikira, ndiye ndinapereka funso lina loyeserera, la chifukwa chimene Angoni ankagonjetsera mitundu imene anaipeza kuno. Mulu utabwera ndinakhala pansi masana monga mwa nthawi zonse. Pepala loyamba, matamando. Lachiwiri, matamando. Ena anaika kumayambiriro, ena kumathero, ena ochenjera anawaza ndime iliyonse. Sindinakwiye nkomwe, ndinangomva kulema m'mafupa. Ndinasanthula muluwo kufunafuna pepala la mtsikana wa ku Maganga uja, kuti mwina ndipumireko.

Ndime ziwiri zoyamba zinali za msewu ndi njanji. Ganizo lake lenileni, lakuti Angoni sankapambana ndi nthungo zokha koma ndi kulowetsa ogwidwa m'magulu awo ankhondo, linabwera pa tsamba lachiwiri, lopanikizika, umboni wake wosamaliza. Mwa sikimu anayenera naini kapena teni. Ndinamuitana ataweruka, anzake atapita.

“Iwe, izi n'chiyani?”

“Chimangirizo, aphunzitsi.”

“Usandiyankhe ngati sindikuona! Zaka ziwiri ndakuphunzitsa chiyani? Njanji ikukhudzana bwanji ndi Angoni?”

Anaima manja kumbuyo, mpango wake utanyowa ndi thukuta pachipumi. Sanalankhule mwamwano ayi.

“Ine ndinatsata sikimu, ndinapeza fifitini. Mnzanga anapeza sikisitini, anamuwerenga pa mzere. Ndiye sindikudziwa kuti pa mayeso a boma ndidzatsate ziti.”

Ndinayang'ana ku zenera, ndinayang'ana ku chitseko. Ndinamuuza chapansipansi kuti ochonga a boma sadziwa amalume a munthu, amaona nambala yokha ndi sikimu yonga yomweyi, ndipo ndime ziwirizo zidzangomudyera nthawi popanda likisi ndi limodzi lomwe.

“Ndiye mundilembere pambalipo kuti sizikuyankha funso,” anatero, akukankhira pepala kwa ine. “Ndikaona mwalemba, ndikhulupirira.”

Ndinatsegula bolopeni. Ndinaika nsonga yake m'mphepete mwa pepala, pafupi ndi dzina la Mtsogoleri lija, ndipo panatsala kadontho kofiira. Kunja ana anga awiri ankathamangitsana kuseri kwa nyumba ya sukulu ija, ndinkawamva kuseka. Mtsikanayo anadikira ndithu, sanandifulumize.

Ndinatseka bolopeni n'kumubwezera pepala lake. Analipinda pakati, anati zikomo aphunzitsi, n'kupita kukatenga njinga.