Tsiku Lomwe Ndinaba Kumasulira

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene mlongo wanga Levisoni, mwana woyamwa, anatentha thupi mpaka kuleka bere. Ife kwathu ku Kabudula tinali a Chipresibeteriya, koma azakhali, omwe anali atalowa Pentekosite, anatitengera ku tchalitchi chawo chofolera ndi udzu. Anauza amayi kuti kupita kuchipatala mapemphero asanathe n'kukayikira Mulungu. Amayi, atatopa ndi kulira, anangomvera.

Masiku awiri ndinakhala pakona, maso ali tcheru. Ndinaona kuti malilime ali pawiri. Onse akamapemphera pamodzi, aliyense m'mawu osamveka, palibe ankamasulira, poti amenewo ndi a munthu ndi Mulungu wake. Koma wina akakweza mawu yekha, ng'oma inkaleka, mpingo n'kukhala zii, kudikira wopatsidwa mphatso yomasulira. Iyeyo sankatsata liwu ndi liwu, ankangonena tanthauzo m'Chichewa. Olankhula sankapitirira atatu, ndipo akulu ankayamba ayesa uthengawo asanauvomere.

Tsiku lachitatu m'mawa, milomo ya Levisoni inali itauma gwa, maso atalowa. Mayi wina anaimirira n'kulankhula malilime. Tinadikira. Womasulira sanapezeke.

Ndinadzuka n'kutsinzina monga ndinaonera ena, ndipo ndinati:

"Atero Ambuye, mwanayu apite kuchipatala lero lomwe."

Azakhali ndi anthu ena anati ameni. Koma abusa, bambo owonda a jekete losuluka, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwanawe, zimenezi wapatsidwa, kapena waganiza wekha?"

Ndinayang'ana mwanayo pamiyendo ya amayi. Ndinkadziwa kuti ndikaulula, khomo la kuchipatala litsekeka. Koma kunama kachiwiri kunandikanika.

"Ndaganiza ndekha."

"Ndiye si kumasulira kumeneko. Mayi, popeza womasulira palibe, khalani pansi, mupemphere chamumtima." Kenaka anatembenukira kwa amayi anga. "Kodi mwanayu sanapite kuchipatala chiyambire?"

"Alamu anati tidikire uthenga."

"Uthenga wanji, mwana akuuma m'manja? Malilime ndi olimbikitsa mpingo, si chiphaso cha kuchipatala. Ine ndimayesa munachokera komweko."

Anatulutsa njinga yawo, amayi n'kukwera kumbuyo. Ine ndinathamanga m'fumbi mpaka kuchipatala cha ku Nambuma. Levisoni anachira, ngakhale khutu limodzi silimva mpaka lero, ndipo sindidziwa ngati masiku awiri aja ndiwo analidya.

Tsopano adzukulu anga akamapita ku mapemphero oterewa, sindiwaletsa. Ndimangowauza kuti asatengeke ndi wolankhula kapena womasulira, ayang'ane ngati pali woyesa. Wina akati "atero Ambuye" popanda womufunsa, atenge nsapato zawo azipita. Amandiseka, eti agogo simukhulupirira munthu. Nanga ndikhulupirire bwanji? Ndikudziwa kupepuka kwake kwa mawu amenewo pakamwa. Ndinawanenapo ine, ndipo anthu anati ameni.